K70,700 imene inatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito

Malume anga ali ndi kakampani komanga nyumba ku Lilongwe. Si kampani yoti mungaione pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu ayi. Ndi iwowo, akapitawo awo, amisiri anayi kapena asanu malinga ndi kukula kwa ntchito, ndi kagalimoto kokalamba konyamulira katundu. Ine ndimagwira ntchito kwina, koma poti ndinaphunzirako za maakaunti, buku la ndalama za kakampaniko linagwera ine popanda wondifunsa. Pachibale zimatero.

Mmene tinkachitira ndi momwe ambiri akuchitira masiku ano. Malume amapereka ndalama kwa akapitawo, zina pamanja zina pa foni. Akapitawo akagula simenti, misomali, mapulanga kapena dizilo, amajambula lisiti n'kunditumizira pa WhatsApp. Ine madzulo ndikaweruka ndimatsegula zithunzizo chimodzichimodzi n'kumalemba mu Excel: tsiku, kogula, chogulidwa, ndalama. Mapepala enieniwo ankatsala kumalo a ntchito, m'jumbo yokoleka pa msomali m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Kwa chaka chathunthu sindinaigwirepo jumbo imeneyo. Ndinkaona ngati palibe chifukwa, popeza zonse ndinali nazo pa foni.

M'mwezi wa Julayi 2024 tinali ndi nyumba ina ku Area 49 imene inafika pa lintala. M'masabata awiri malume anapereka K2,000,000 kwa akapitawo. Pamapeto akapitawo anabweza chenji K61,500. Ndiye kuti malisiti onse pamodzi anayenera kukwana K1,938,500. Malisiti analipo 23. Nditawonkhetsa zimene ndinalemba, zinakwana K1,867,800. Panasowa K70,700.

Ndinabwerera ku zithunzi, ndikuyang'ana chithunzi kenako mzere wake mu tebulo, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zonse zinkaoneka bwino. Ndinabwerezanso m'mawa mwake ndili pa minibasi. Chimodzimodzi. Kenaka ndinakumbukira kanjira kena kamene tinaphunzitsidwa m'kalasi, kakuti ngati ndalama zikusiyana, ugawe kusiyanako ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, ndiye kuti mwina wasemphanitsa manambala polemba. Ndinagawa 70,700 ndi 9, sizinagawike. Mumtima ndinati basi, vuto si langa.

Ndinawaimbira malume.

"Iwe, watsimikiza zimenezi?" anandifunsa.

"Malume, ndaona kawiri konse."

Sindinaname. Ndinaonadi kawiri. Koma kawiri konseko ndinkayerekeza tebulo langa ndi zithunzi zomwezo zimene zinandisokeretsa poyamba, ndi maso omwewo, amene anali atagamula kale kuti nambala iliyonse ikuti chiyani. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chithunzi cha lisiti ndi kandimverere: chimakuuza zimene pepala likunena, ndipo nthawi zambiri chimanena zoona, koma tsiku limene chaphonya, kuchifunsa kachiwiri sikuthandiza, chimangobwereza zomwezo.

Malume ndi munthu wofulumira mtima. Tsiku lomwelo anawauza akapitawo kuti ndalamayo aidula ku malipiro, ndipo zikachitikanso asiyana. Akapitawo ndi bambo wachikulire, wagwira ndi malume zaka zambiri ine ndisanayambe n'komwe kugwira mabukuwo. Sanakangane nawo. Loweruka m'mawa anafika kwathu pa njinga, jumbo ili m'manja, nati, "Achimwene, mapepala ndi awa. Muwerenge ndili pompano, chifukwa ine ndalama ya abwana sindinadye."

Tinakhala pakhonde. Choyamba chimene ndinachita, chimene ndinayenera kuchita kalekale, chinali kuwayala malisitiwo motsatira masiku n'kulemba nambala pa ngodya ya lililonse, 1 mpaka 23, ndi kulemba nambala zomwezo pa mizere ya mu tebulo. Analipo 23 ndendende, mofanana ndi zithunzi. Zimenezi zinachotsa kaye nkhawa ziwiri: panalibe lisiti limene linaiwalika kujambula, panalibenso limene ndinalilemba kawiri. Musanayambe kusaka nambala yolakwika, werengani kaye kuchuluka kwa mapepala. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ingakupulumutseni maola.

Kenaka ndinaitana mchemwali wanga wamng'ono, amene sanalionepo tebulo langa, ndikumupatsa kakyuleta. Ndinamuuza kuti awonkhetse kuchokera pa mapepala, ine osamuuza kuti tikufuna zikwane zingati. Izi ndinachita dala. Munthu akadziwa yankho limene akulifuna, maso ake amayamba kumuthandiza kulipeza. Anawonkhetsa, n'kupeza K1,938,500. Akapitawo sanayankhule kanthu, anangovula chipewa n'kuchiika pa bondo.

Tsono panali poyera kuti wolakwa ndine. Chotsala chinali kupeza pamene ndinalakwitsa, ndipo apa mpamene ndinaphunzira zambiri.

Sindinafune kubwereza kuwerenga mzere ndi mzere monga ndinachitira kawiri kaja, chifukwa ndinali nditaona kuti maso anga sakundithandiza. M'malo mwake tinagawa malisiti m'milu itatu: 1 mpaka 8, 9 mpaka 16, ndi 17 mpaka 23. Mchemwali wanga amawonkhetsa mulu pa kakyuleta, ine ndimawonkhetsa mizere yomweyo mu Excel, n'kuyerekeza. Mulu wapakati unagwirizana mpaka tambala. Malisiti asanu ndi atatu amenewo tinawaika pambali, osawakhudzanso. Mulu woyamba unasiyana ndi K50,000. Mulu wachitatu unasiyana ndi K20,700.

Apa ndi pamene ndinazindikira chifukwa chimene kanjira ka 9 kanandinamizira. K70,700 sichinali cholakwika chimodzi, zinali zolakwika zingapo zosakanikirana. Kanjirako kamayankhula bwino pamene kusiyana kwachokera pa cholakwika chimodzi, kapena pa zolakwika za mtundu umodzi. Mukasakaniza mitundu, kamangoti zii, ndipo inu mumatenga chete ameneyo ngati umboni woti simunalakwe.

Tiyambe ndi K50,000. Kusiyana kukakhala nambala imodzi yotsatidwa ndi maziro okhaokha, monga 50,000 kapena 600 kapena 3,000, kawirikawiri ndiye kuti nambala imodzi yawerengedwa molakwika, ndipo kusiyanako kumakuuzani malo ake ndi kukula kwake. 50,000 ikutanthauza kuti pa malo a masauzande makumi pali nambala ziwiri zosiyana ndi 5. Ndi nambala ziti zofanana maonekedwe zimene zimasiyana ndi 5? 3 ndi 8, komanso 4 ndi 9. Kusiyana kukakhala 6, ganizirani 1 ndi 7, kapena 0 ndi 6. Kukakhala 8, ndi 0 ndi 8. Ndiye m'mulu woyambawo ndinangofunafuna mzere umene unali ndi 3 kapena 4 pa malo amenewo. Unalipo umodzi wokha: simenti, K136,400.

Pepala lake linali la makina, loterera lija, lochokera ku shopu ina ya zipangizo zomangira. Akapitawo analipinda pakati chautali n'kuliika m'thumba la malaya, ndipo mzere wopindawo unadutsa ndendende pa nambala yachiwiri ya `TOTAL`. Pojambula, dzuwa linawala pa mpindowo n'kufufuta theka lakumanzere la 8. Pa chithunzi panatsala 3 wooneka bwinobwino, wosakayikitsa n'komwe. Nditalitambasula pepalalo ndi chala pa tebulo, mumthunzi, 8 anaoneka, ngakhale mbali ina inali itayamba kale kufufutika. K186,400.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti umboni unali pa chithunzi chomwecho, ine osauona. Lisiti la makina limadzichitira lokha umboni kawiri. Umboni woyamba ndi mizere ya katundu: panalembedwa matumba 8 pa K23,300 lililonse. Chulukitsani, mupeza K186,400. Umboni wachiwiri ndi msonkho wa VAT, umene pa nthawiyo unali 16.5 pa 100 iliyonse. Ngati ndalama yonse ili ndi msonkho kale mkati, msonkhowo umapezeka pochulukitsa ndi 16.5 n'kugawa ndi 116.5. Pa K186,400 umakwana K26,400 ndendende, ndipo ndi zimene zinasindikizidwa pamenepo. Ndalama ikanakhaladi K136,400, msonkho ukanakhala K19,318.45. Nambala ziwirizo sizikanakhala pa lisiti limodzi. Ine ndinkangothamangira mzere wa pansi, chifukwa ndi wokhawo umene ndinkaufuna.

Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba manambala awiri kuchokera pa lisiti lililonse la makina, ndalama yonse ndi msonkho, aliyense m'danga lake, ndipo danga lachitatu limayerekeza lokha. Ngati ndalama yonse ili mu `E` ndipo msonkho umene ndakopera uli mu `F`, pa mlingo wa 16.5 wa nthawi imeneyo:

```
=ROUND(E2*16.5/116.5,2)-F2
```

Yankho likakhala ziro, kapena matambala ochepa chabe, ndiye kuti manambala awiriwo akugwirizana, ndipo n'zovuta kuti ndiwaphonye onse awiri m'njira yoti agwirizanebe. Likakhala china, ndimabwerera ku chithunzi nthawi yomweyo. Mlingo wa msonkho umasintha boma likausintha, choncho muzitenga umene walembedwa pa lisitilo, osati wa m'mutu. Komanso njirayi ili ndi malire ake. Katundu wina salipira VAT, ndiye lisiti limene lasakaniza wolipira ndi wosalipira silingagwirizane ndi masamu amenewa ngakhale mutakopera bwinobwino. Pamenepo muyenera kutenga gawo lokhalo limene lili ndi msonkho, lomwe malisiti ambiri amalilemba padera. Ndipo wogulitsa mchenga kumtsinje kapena mapulanga pamsika alibe mzere wa VAT n'komwe.

Dizilo alinso ndi umboni wake. M'chaka chimenecho mtengo unali K2,734 pa lita. Lisiti lolemba pamanja likakukayikitsani ngati likuti K30,000 kapena K80,000, onani malita: pa mtengo umenewo yoyambayo inkagula malita pafupifupi 11, inayo kupitirira 29. Chovuta n'chakuti ena othira mafuta salemba malita pokhapokha utawapempha, ndiye ndinawauza akapitawo kuti azipempha.

Tibwerere pakhonde paja, ku mulu wachitatu. K20,700 inagawika ndi 9, yankho 2,300. Mtima unagunda, ndinati tapeza. Ndinafunafuna lisiti la K2,300 kapena K23,000, panalibe. Ndinayesa kuganiza manambala awiri oyandikana amene akasemphana angapereke 20,700, sanapezeke. Ndiye tinaudulanso muluwo pawiri, 17 mpaka 20 ndi 21 mpaka 23. Gawo loyamba linasiyana ndi K4,500, lachiwiri ndi K16,200. Zolakwika ziwiri, chilichonse chogawika ndi 9 pachokha, n'chifukwa chake pamodzi zinagawikanso koma osaloza kulikonse.

Ndifotokoze pang'ono chifukwa chake 9 amagwira ntchito, chifukwa ukamvetsa sufunikanso kuloweza. Tengani 72 ndi 27. Nambala ya 7 ikachoka pa malo a makumi kupita pa malo a mayunitsi, imataya 63, ndiye kuti 70 kuchotsa 7. Ya 2 ikakwera, imapindula 18. Zonse ziwiri ndi ana a 9, chifukwa kusuntha nambala malo amodzi n'kuichulukitsa kapena kuigawa ndi 10, ndipo 10 kuchotsa 1 ndi 9. Kusiyana kwake ndi 45, ndipo 45 kugawa ndi 9 ndi 5, komwe ndi kutalikirana kwa 7 ndi 2. Choncho yankho la kugawako silimangonena kuti mwasemphanitsa, limanenanso kuti manambala osemphanawo atalikirana bwanji ndiponso ali pati.

4,500 kugawa ndi 9 ndi 500. Ndiye kuti nambala ya pa mahandiredi ndi inzake ya pa masauzande zinasinthana malo, ndipo zikusiyana ndi 5. M'mizere inayi ija munali K42,700, ya waya ndi misomali. Pepala linkati K47,200. Apa chithunzi chinalibe mlandu uliwonse, chinali chowala bwino. Zala zanga ndi zimene zinathamanga. Ndipo poonanso kawiri kaja sindinagwire, chifukwa maso akaona 4, 7, 2 ndi maziro awiri mbali zonse ziwiri amakhutira, sasamala kuti wayamba ndani.

16,200 kugawa ndi 9 ndi 1,800. Nthawi ino yankho linali nambala imene inali mu tebulo langa momwemo: K1,800, kunyamula mchenga. Umu ndi mmene ziro wotayika amadziululira. Ukalemba 1,800 m'malo mwa 18,000, chosowacho ndi 1,800 kasanu n'kanayi, ndiye ukagawa ndi 9 umabwerera pa nambala yolakwikayo. Lisiti lake linali la pamanja, lochokera m'kabuku kogula m'sitolo ka mapepala a kaboni, ndipo akapitawo anapatsidwa la pansi, lotuwa lija. Wolembayo anafika kumapeto kwa danga malo atamuthera, ziro womaliza anamupanikiza pa mzere wa m'mphepete, ndipo mpatuliro sanaike. Pa chithunzi, ziroyo anasanduka gawo la mzere. Pa pepala amaoneka ukalipendeketsa, ndipo chakumtunda, pa malo olemba ndalama m'mawu, panalembedwa momveka kuti ndi masauzande khumi ndi asanu ndi atatu. Chithunzi chinadula mzere umenewo theka chifukwa chala cha akapitawo chinali pomwepo.

Komatu apa panalinso nzeru wamba imene ndinaigoneka. Ndani mu 2024 akananyamula mchenga pa K1,800? Ndikanakhala kuti ndimawerenga zimene ndikulemba, m'malo mongosamutsa manambala ngati makina, ndikanaima pamenepo. Wolemba mabuku amene sadziwa mitengo ya zinthu zimene akulemba amalandira chilichonse. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mitengo inasintha mofulumira moti ine wa mu ofesi ndinataya muyeso wa chimene chili chotheka, ndipo sindinavutike kufunsa amene amapita kukagula.

50,000, 4,500 ndi 16,200. Pamodzi K70,700, mpaka tambala.

Ndinawaimbira malume akapitawo ali pomwepo, ndinaika foni poti onse amve. "Malume, ndalama ija yapezeka. Inasowera kwa ine, osati kwa akapitawo." Kunali chete pang'ono, kenaka anati, "Apatse foniyo." Zimene anakambirana sindinazimve, chifukwa akapitawo anadzuka n'kukayankhulira kuseri kwa nyumba. Atabwerera anangoti, "Zatha, achimwene," n'kukana tiyi.

Ena adzati vuto ndi kulemba pamanja, bwenzi ukugwiritsa ntchito mapulogalamu a pa foni amene amawerenga okha malemba a pa chithunzi. Ndinayesa, ndipo ena ndimawagwiritsabe ntchito pa malisiti a makina ojambulidwa bwino, chifukwa amafulumira ndipo sasemphanitsa manambala ngati zala zanga. Koma pulogalamu imaona chithunzi chomwecho chimene ine ndikuona. Pamene kuwala kwadya theka la 8, iyonso iwerenga 3, ndipo imalemba molimba mtima, yosaonetsa kuti yakayika. Ili ndi zolakwa zakezakenso. Ndaionapo ikutenga `K` wa kutsogolo kwa ndalama n'kumusandutsa 1, ikusokoneza mpumiro ndi mpatuliro moti matambala asanduka makwacha, ndiponso ikutola nambala ya pa `CASH` m'malo mwa ya pa `TOTAL`. Chomalizachi n'choopsa chifukwa nambalayo imakhala yoona, yosindikizidwa bwino, kungoti ndi ndalama imene wogula anapereka asanalandire chenji. Mukaona mu tebulo ndalama yozungulira bwino ngati K50,000 pa lisiti la zinthu zisanu ndi ziwiri zosiyanasiyana, kayikirani. Pa malisiti a pamanja, makamaka a kaboni, pulogalamu ndimangoisiya. Nthawi yokonza zimene yalemba imaposa yolemba ndekha.

Zimene tinasintha pa kajambulidwe ndi zochepa. Akapitawo amalemba nambala pa ngodya ya lisiti asanajambule, motsatana, kuti chithunzi ndi pepala zikhale ndi dzina limodzi, ndipo nambala ikadumphidwa ndimadziwa tsiku lomwelo. Amajambula asanalipinde, ataliyala pa chinthu chosalala, mumthunzi, osayatsa kuwala kwa kamera, lisiti limodzi pa chithunzi chimodzi, lonse kuyambira dzina la shopu mpaka pansi. Potumiza amasankha `HD` kapena amatumiza ngati `Document`, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, ndipo timizere tating'ono tosiyanitsa 3 ndi 8 ndi timene timayamba kutayika. Izi zimadya bandulo, ndiye malume amawagulira. Poyamba anadandaula, ndinawakumbutsa K70,700 ija, nkhani inathera pomwepo.

Mapepala enieniwo sagonanso m'jumbo kumalo a ntchito. Pepala loterera lija lilibe inki. Lili ndi mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo makina amalemba ndi kutentha. N'chifukwa chake lisiti losiyidwa pa galasi la kutsogolo kwa galimoto mu Okutobala limafufutika kapena kuda, ndipo thukuta, mafuta ndi selotepi zimadya malemba ake. Musayese n'komwe kulisita kuti liwongoke, lidzada lonse ngati khala. Apa chithunzi chimaposa pepala: pakatha miyezi ingapo chithunzi chimakhala chikuwerengeka pamene pepala layera. Ndiye zonse ziwiri n'zofunika, koma kuyerekezako kuyenera kuchitika msanga, pepala lidakali ndi mawu. Ife timachita Loweruka lililonse.

Pali chinanso choyenera kuchidziwa pa malisiti a makina. Nthawi zina makina a m'shopu amakhala ndi kadontho kakufa, ndipo amasiya kamzere koyera kotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa lisiti lonse. Nambala iliyonse imene yagwera pa kamzereko imadulidwa pa malo amodzimodzi. Pamenepo ngakhale pepala lenilenilo likhoza kukunamizani. Mukaona kamzere kotero, musakhulupirire maonekedwe a nambala iliyonse imene kadutsapo. Chulukitsani katundu ndi mtengo wake, onani msonkho, ndipo ngati munalipira pa foni, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ndi mboni ina imene sinadutse pa makina amenewo.

Loweruka lathu limayenda chonchi. Akapitawo amabweretsa envulopu ya sabata imeneyo. Timawerenga kuchuluka kwa mapepala ndi kwa mizere. Wina amene si ine amawonkhetsa mapepala m'milu yosapitirira khumi, ine ndimawonkhetsa tebulo, ndipo kusiyana kwa mulu uliwonse ndimakulemba m'danga lake mu `H`, pambali pake pali kafomula aka:

```
=MOD(ABS(H2),9)
```

Kakapereka ziro pamene kusiyana kulipo, ndimayamba ndi kusaka zosemphana ndi maziro otayika. Kakapereka china, ndimaona ngati kusiyanako ndi nambala imodzi ndi maziro, kapena ngati kukufanana ndi lisiti lathunthu. Zikakanika zonsezi, sindilimbana nazo, ndimangoudula muluwo pawiri.

Kwa miyezi ingapo ndinkaima pamenepo: milu ikagwirizana, ndatha. Ndinasiya chizolowezi chimenecho nditapeza, mwangozi, sabata ina imene zonse zinagwirizana koma mizere iwiri inali yolakwika. Lisiti la penti ndinalikweza ndi K5,000 powerenga 3 ngati 8, la mapaipi ndinalitsitsa ndi K5,000 powerenga 9 ngati 4, onse m'mulu umodzi. Zolakwikazo zinaphimbana. Kwa akapitawo panalibe vuto, ndalama zawo zinakwana. Koma penti anali wa nyumba ya kasitomala wina, mapaipi a wina, ndiye mmodzi akanalipira za mnzake. Kuwonkhetsa kumangotsimikiza kuti zonse pamodzi zakwana, sikunena kuti mzere uliwonse uli bwino.

Choncho tinaonjezera gawo lomaliza, lotopetsa koma lalifupi. Mchemwali wanga amagwira mapepala n'kumawerenga mokweza, nambala imodziimodzi, osati "masauzande makumi anayi ndi asanu ndi awiri" koma "folo, seveni, thuu, ziro, ziro," ine ndikutsatira ndi chala pa kompyuta. Timayambira lisiti lomaliza kubwerera kumbuyo, kuti ndisamayembekezere chimene chikubwera. Wowerenga ayenera kukhala amene wagwira pepala, osati amene ali pa tebulo, chifukwa ukamva nambala kaye kenaka n'kuyang'ana pepala lotuwa, umaona zimene wamvazo. Malisiti makumi awiri amatitengera mphindi khumi, mwina kuposerapo pang'ono akakhala a kaboni ambiri.

Zimene zilibe lisiti n'komwe, monga aganyu otsitsa njerwa kapena kabaza, tili ndi kabuku kathu momwe wolandira amasaina, ndipo ndalama imalembedwa kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Akapitawo ndi amene anaumirira zolemba m'mawuzo, ndipo 7 wawo aliyense masiku ano amamudula pakati ndi kamzere. Sabata yatha anabweza lisiti kwa wogulitsa mapulanga kuti alembenso, ati 1 wake anali ndi mphuno yaitali kwambiri, "achimwene akaona 7."